Mutu wa imelo: mawu ochepa amene abwana amaona asanatsegule

Mu komboni ya Chipata, kumpoto kwa Lusaka, moyandikana ndi Mandevu ndi Marapodi, ntchito zambiri zimayambira pa foni. Wowotcherera zitsulo amatumiza chithunzi cha geti pa WhatsApp, kalipentala amagwirizana mtengo pakamwa, ndalama zimabwera kudzera pa Airtel kapena pa MTN. Koma wogula akakhala kampani yomanga, sukulu kapena bungwe lokhala ndi ofesi ya zandalama, zinthu zimasintha. Kumeneko ndalama sizituluka popanda mapepala, ndipo mapepala masiku ano amayenda pa imelo. Kuyambira mu 2022, pamene boma linakweza thumba la CDF kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ntchito za makalasi, madesiki, zitseko ndi mawindo zachuluka, ndipo makontirakita ambiri amagulako kwa amisiri a m'makomboni. Amisiri amenewa ntchito ya manja amaidziwa. Chimene chimawagwetsa kawirikawiri ndi kamzere kamodzi ka pamwamba pa imelo, pamene palembedwa `Subject`.

Kuti timvetse chifukwa chake, tione kaye zimene manijala amaona. Manijala wa kampani yomanga sakhala pa desiki tsiku lonse. Ali pa saiti, ali m'galimoto pa mzere wa mu Great North Road, ali pa msonkhano. Maimelo amawaona pa foni, ndipo foni imamuonetsa mndandanda. Pa imelo iliyonse pamaoneka zinthu zitatu: dzina la wotumiza, mutu, ndi timawu toyamba ta uthengawo. Mutuwo suoneka wonse. Mafoni ambiri amaonetsa zilembo pakati pa 30 ndi 40, kuwerengera ndi mipata yomwe, kenako amadula. Ngati kampaniyo inakonza kuti maimelo ochokera kunja azifika ndi chizindikiro cha `[EXTERNAL]` kutsogolo, ndiye kuti zilembo 11 zapita kale musanayankhule. Pa mndandanda umenewu manijala sawerenga, amasankha: iyi nditsegule pompano, iyi ndipatse a ku akaunti, iyi ndidzaiona madzulo. Imelo ya "madzulo" ikagona, mawa lake imakhala itakwiriridwa ndi zina zatsopano.

Nchifukwa chake ndimati mutu wa imelo uyenera kulembedwa kuchokera pa mpando wa wolandira. Funso lake ndi limodzi: ndichite chiyani, pa chinthu chiti, pofika liti? Kondakitala wa minibasi m'mawa ku Chipata sayamba ndi moni kapena kufotokoza ubwino wa galimoto yake. Amangoti "Tauni! Tauni!" ndipo wopita ku tauni amakwera. Mutu wa imelo uli ndi ntchito yomweyo.

Tiyeni titsatire nkhani imodzi yongoyerekeza, kuyambira pa oda mpaka pa malipiro. Mitu ndiilemba m'Chingerezi monga momwe ingalembedwere pa foni, popeza ndicho chiyankhulo cha m'maofesi a mu Lusaka. Wowotcherera zitsulo wa ku Chipata walandira oda ya mafelemu 40 a mawindo kuchokera ku kampani imene ikumanga makalasi. Pepala la oda, limene aliyense amalitchula kuti LPO, lili ndi nambala 0418, ndipo likunena kuti felemu iliyonse ikhale mamilimita 1200 m'lifupi ndi 1200 m'litali, pa mtengo wa K900. Zonse pamodzi ndi K36,000. Mmisiri wathu, pokhala wochenjera, wapita pa saiti ndi tepi asanadule chitsulo, ndipo wapeza kuti mipata imene omanga asiya m'khoma ndi 1200 kwa 1500. Akatsatira pepala, mafelemu adzakhala aafupi. Akatsatira khoma, zitsulo zichuluka ndipo mtengo ukwera kufika pa K1,050 iliyonse, kutanthauza K42,000. Folomani wa pa saiti sangavomereze ndalama yowonjezerayo. Angavomereze ndi manijala yekha, ndipo ayenera kutero molemba. Mmisiriyo akufuna kudula zitsulo Lachisanu pa 15 Ogasiti, choncho yankho likufunika pofika Lachinayi.

Amisiri ambiri, ngakhalenso anthu a m'maofesi, angalembe mutu wotere:

```
RE: HUMBLE REQUEST FOR YOUR KIND ATTENTION
```

Palibe chipongwe m'mawu amenewa. Ndi ulemu umene tinaphunzitsidwa kusukulu polemba kalata ya pa pepala, pamene mzere wa `RE:` unkalembedwa ndi zilembo zazikulu n'kudulidwa mzere kunsi. Koma pa imelo mutu umenewu ukupweteka mwini wake m'njira zingapo. Makina a imelo amaika okha `Re:` kapena `RE:` pamene munthu akuyankha uthenga wakale, kotero manijala akauona amaganiza kuti ndi nkhani yakale imene ikungopitirira. Zilembo zazikulu zokhazokha zimadya malo ambiri pa foni ndipo zimaoneka ngati munthu akukuwa. Choipitsitsa n'chakuti zilembo 42 zonsezo sizinatchule mawindo, sizinatchule oda, sizinatchule tsiku. Mutu umenewu ungakhale wa wofuna ntchito, wa wopempha thandizo la maliro, kapena wa wogulitsa inshuwalansi. Manijala alibe chifukwa choti autsegule lero.

Tsopano taonani uwu, umene uli ndi zilembo 43, chimodzi chokha kuposa woyamba uja:

```
Approve by Thu 14 Aug: frame size, LPO 0418
```

Mawu oyamba ndi chochita: vomerezani. Anthu ambiri amalemba dzina la nkhani yokha, monga `Window frames`, n'kuganiza kuti amaliza. Koma dzina la nkhani silisiyanitsa imelo yongodziwitsa ndi imelo imene ikudikira chigamulo. Manijala akaona kuti pakufunika chivomerezo chake, amadziwa kuti ntchito yaima chifukwa cha iye, ndipo palibe manijala amene amafuna kuti saiti iime pa dzina lake. Njira imeneyi si yachilendo. Mu 2016 Kabir Sehgal, amene anatumikirapo m'gulu la asilikali a pamadzi a ku Amereka, analemba m'magazini ya Harvard Business Review kuti asilikali amayamba mutu wa imelo ndi liwu limodzi lonena chofunika, monga `ACTION`, `SIGN`, `DECISION` kapena `INFO`. Kwa ife mawu anayi kapena asanu akwanira: `Approve`, `Sign`, `Confirm`, `Pay`, ndi `For info` pamene palibe chimene wolandira ayenera kuchita. Lomalizali musalipeputse. Munthu amene amanena poyera kuti "iyi n'njongodziwitsa" amakhulupiriridwa tsiku limene walemba kuti "iyi ikufuna yankho".

Chachiwiri ndi tsiku, ndipo apa ndi pamene ndimatsutsana kwambiri ndi liwu lakuti `URGENT`. Liwu limeneli limanena za mtima wa wotumiza, silithandiza wolandira kukonza sabata yake. Aliyense amalilemba, ndiye linatha mphamvu. Pamwamba pa apo, ndilo liwu lokondedwa ndi akathyali amene amatumiza maimelo onamizira kukhala ogulitsa katundu, n'kumati akaunti ya ku banki yasintha, lipirani msanga. Bungwe la FBI linanena kuti mu 2023 mokha ndalama zotayika pa madandaulo a umbava wa mtundu umenewu amene linalandira zinapitirira madola 2.9 biliyoni, ndipo maofesi a zandalama kulikonse amachenjezedwa kuti azikayikira imelo yofulumizitsa malipiro. Mmisiri woona mtima akalemba `URGENT PAYMENT!!!` wavala malaya ofanana ndi a wakuba, ndipo nthawi zina makina osefa amaiponya imeloyo mu `Spam` munthu asanaione. Tsiku lenileni silichita zimenezo. Lembani dzina la tsiku ndi deti lomwe, `Thu 14 Aug`, osati `tomorrow`, chifukwa simudziwa kuti imeloyo idzawerengedwa liti, ndipo "mawa" wowerengedwa Lachisanu si "mawa" wolembedwa Lachitatu. Tsikulo likhalenso loona. Mmisiri wathu ali ndi chifukwa: akudula zitsulo Lachisanu, ndipo aliyense amene anaona kuzima kwa magetsi kwa 2024, pamene madzi anachepa ku Kariba, akudziwa kuti wowotcherera sasankha ola logwirira ntchito. Mukaika tsiku longopeka, likadutsa popanda chochitika, tsiku lanu lotsatira silidzamvekanso.

Chachitatu ndi nambala, ndipo ikhale nambala ya iwo. Mmisiri ali ndi nambala yake ya kotesheni m'kabuku kake, koma kampani imasunga nkhani yonse pansi pa LPO 0418. Nambala imeneyi ndiyo idzapangitse imelo kupezeka patapita miyezi itatu. Mu Gmail ndi mu Outlook momwe, munthu akalemba izi m'kabokosi kofufuzira, maimelo onse okhala ndi nambalayo pa mutu amatuluka:

```
subject:0418
```

Ilembeni ndendende mmene ilili pa pepala lawo, osasiya ziro wa kutsogolo. Lamulo lomweli limagwira ntchito pofunsira ntchito kapena poyankha chilengezo chofuna makotesheni. Chilengezo chikanena kuti pa mutu paikidwe nambala yakutiyakuti, koperani yomweyo popanda kukongoletsa, chifukwa maofesi ena amakonza kuti makina azigawa okha maimelo potengera mawu a pa mutu, ndipo imelo yopanda nambalayo siifika n'komwe pa mulu woyenera.

Kasanjidwe kake kali ndi chifukwa. Foni ikadula pa zilembo 35, manijala aonabe `Approve by Thu 14 Aug: frame size,` ndipo chatayika ndi nambala yokha, imene kufufuza kudzaipezabe ngakhale sinaoneke pa mndandanda. Dzina la kampani yanu musaliike kutsogolo kwa mutu, popeza lili kale pa malo a wotumiza. Koma onetsetsani kuti pamalopo pali dzina limene iwo amakudziwani nalo. Maimelo ambiri a m'makomboni anatsegulidwa ndi mphwake wa mwini bizinesi pokonza foni yatsopano, ndipo amafika ndi dzina lamasewera la mnyamatayo. Mutu wabwino pansi pa dzina lachilendo umakayikitsa. Kusintha dzinalo m'makonzedwe a Gmail n'kwaulere.

Wina afunsa kuti, nanga ulemu uli pati? Kwathu kuno sumulamula wamkulu, ndipo kuyamba ndi "vomerezani" kwa abwana amene sunadyepo nawo nsima kumamveka ngati mwano. Nkhawa imeneyi ndi yoona ndipo sindiichepetsa. Mukhoza kulemba `Please approve` ngati malo alipo, kapena `For approval by Thu 14 Aug`, zimene zimamveka zofatsa koma chochita ndi tsiku zikadali kutsogolo. Ulemu wotsalawo uli ndi malo ake mkati. Komabe kumbukirani kuti mzere woyamba wa uthenga nawonso umaoneka pa mndandanda, pansi pa mutu. Mukauthera pa kufunsa za moyo wa abwana ndi banja lawo lonse, mwataya mwayi wachiwiri. Moni ukhale waufupi, ndipo chiganizo chotsatira chimalize zimene mutu wayamba: LPO ikuti 1200 kwa 1200, khoma likuti 1200 kwa 1500, kusiyana kwake ndi K6,000, chonde yankhani A kuti titsatire LPO kapena B kuti titsatire khoma. Manijala angayankhe ndi chilembo chimodzi ataimirira pa saiti. Kwa munthu wotanganidwa, kumuchepetsera ntchito motero ndi ulemu umene amaumva.

Tinene kuti wayankha B. Mmisiri wapanga mafelemu, wawapereka Lachisanu pa 29 Ogasiti, folomani wasaina pepala lolandirira katundu, ndipo mgwirizano unali woti malipiro abwere pakatha masiku 14. Apa pamachitika cholakwa chimene ndachiona kawirikawiri. Mmisiri amafufuza imelo yakale ija, n'kudina `Reply`, n'kumata invoisi. Invoisi ya K42,000 imafika pansi pa mutu wonena za kukula kwa mafelemu ndi tsiku limene linapita kalekale. Gmail imaunjika pamodzi maimelo a mutu umodzi, kotero kwa manijala iyi ikuoneka ngati nkhani imene anaimaliza. Ngakhale aitsegule n'kuitumiza ku akaunti, akauntanti adzaona mutu wosakhudza ndalama. Lamulo langa ndi ili: chochita chikadali chomwecho, khalani pa ulusi womwewo kuti mbiri isabalalike, chochita chikasintha, yambani imelo yatsopano ndi mutu watsopano, nambala ya oda ndiyo ilumikize zonse.

```
Invoice 112 for payment by 12 Sept, LPO 0418
```

Mutu uwu walembedwera anthu awiri. Manijala ndiye aulandire, koma wochita ntchitoyo ndi akauntanti, ndipo manijala akungofunika kudina `Forward` osawonjezera mawu. Akauntanti adzayerekeza invoisi ndi LPO ndi pepala lolandirira katundu. Popeza LPO ikuti K36,000 pamene invoisi ikuti K42,000, adzaimika malipiro ngati palibe umboni wa kusinthako. Choncho mzere woyamba wa uthenga unene kuti mtengo unasinthidwa ndi chivomerezo cha manijala cha pa 14 Ogasiti, ndipo yankho lake lija limatidwe pomwepo. Apa m'pamene ulusi woyamba uja, wokhala ndi mutu womveka, umasanduka chuma. Lamulo la Zambia la 2021 lokhudza mauthenga ndi malonda a pa makina limavomereza uthenga wotere ngati cholembedwa, ndipo imelo imene mutu wake ukunena poyera kuti linali pempho la chivomerezo pa LPO 0418 ndi yovuta kuikana.

Kodi ndalama ziikidwe pa mutu? Zimathandiza pamene manijala ali ndi malire a ndalama zimene angavomereze yekha, chifukwa amadziwiratu ngati nkhaniyo ndi yake kapena ya wamkulu wake. Koma mutu umaoneka pa foni ngakhale ili yokiya, ili pa tebulo pakati pa anthu, ndipo umayenda ndi imelo kulikonse kumene yatumizidwa. Ine ndingaike ndalama pa kotesheni kapena pa kusintha kwa mtengo, koma nambala ya akaunti ya ku banki, nambala ya chitupa cha NRC, malipiro a wantchito kapena matenda a munthu, zimenezo zisaoneke pa mutu ngakhale pang'ono.

Tsiku la 12 Seputembala ladutsa, ndalama kulibe. Mtima umafuna kulemba `Reminder` kapena `Follow up`, ndipo pakapita sabata ina, `Third reminder sir`. Mawu amenewa akuwerenga kuchuluka kwa madandaulo anu, sakunena chimene chatsala. Pa 19 Seputembala mmisiri alembe motere:

```
Overdue 7 days: Invoice 112, LPO 0418
```

Mulibe mkwiyo, mulibe kupempha, muli mfundo imene akauntanti angaitsimikize m'mabuku ake. Ndipo imelo imodzi inyamule nkhani imodzi. Ngati mmisiri akufunanso kupereka mtengo wa zitseko za makalasi ena, asaziphatikize muno. Mutu wokhala ndi nkhani ziwiri umayankhidwa pa nkhani yosavutayo, ndipo ya ndalama imatsala.

Mungadziwe bwanji kuti mitu yanu ikulephera? Zizindikiro zake sizibisika. Mukaimba foni, abwana amati "tumizaninso, sindinaione," pamene inafika. Yankho limabwera lakuti `Noted` koma palibe chachitika, kusonyeza kuti anaiwerenga ngati chidziwitso, osati ngati pempho. Kapena a ku akaunti amakufunsani kuti invoisiyi ndi ya oda iti. Musanatumize imelo yofunika, dzitumizireni nokha kaye, muione pa mndandanda wa pa foni yanu, muone pamene mutu wadukira. Kenako muonetseni mnyamata wanu wa pa ntchito mzere wokhawo, osatsegula, mumufunse kuti wolandira akuyenera kuchita chiyani ndipo pofika liti. Akakanika kuyankha, manijala nayenso akanika.

Pali zimene mutu sungathe. Kontirakita amene nayenso sanalipidwe ndi khonsolo sangakulipireni chifukwa cha mawu osanjidwa bwino. Imelo yopita ku bokosi la aliyense, loyamba ndi `info@`, ingakhale ndi mutu wabwino chotani, imadikira munthu amene alibe mphamvu yovomereza. Funsani folomani kuti amene amasaina ndani, imeloyo ipite kwa iyeyo pa `To`, ena onse pa `Cc`, chifukwa mukaika anthu asanu pa `To` aliyense amaganiza kuti mnzake ayankha. Ndipo mu Lusaka foni ikadali ndi mphamvu kuposa imelo. Mukatumiza, dikirani maola angapo, kenako imbani kapena lembani pa WhatsApp mwachidule: "Abwana, ndatumiza imelo, mungofufuza 0418. Ndikupempha muyankhe pomwepo A kapena B lisanathe Lachinayi, kuti Lachisanu tidule zitsulo." Akavomera pakamwa, thokozani, koma pemphani kuti chilembocho achilembe pa imelo, popeza akauntanti sadzalipira K6,000 yowonjezerayo potengera zimene munamvana pa foni.